Mapulagi asanu ndi awiri pa soketi imodzi: zomwe ndaona pa chithunzi chanu

Funso: Amisiri, ndatumiza chithunzi cha soketi ya m'chipinda chomwe ndikuchita lendi. Soketi ndi imodzi yokha, ndiye ndinaikapo adaputala ndi maekisitenshoni awiri. Pali tivi, dikoda, filiji yaing'ono, matchaja awiri, ketulo ndi simbi. Mchimwene wanga akuti ndiotcha nyumba, koma magetsi sanathimepo ngakhale kamodzi. Kodi pali vuto?

Yankho: Achemwali, vuto lilipo, ndipo mchimwene wanu sakukuopsezani chabe. Koma chomwe chandidetsa nkhawa si kuchuluka kwa mapulagi. Mwa asanu ndi awiriwo, asanu ndi osalakwa. Oyenera kuwayang'anitsitsa ndi awiri okha, ya ketulo ndi ya simbi.

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba pa mavolti 230, ndipo pulagi ya mano atatu yomwe timagwiritsa ntchito kuno inapangidwa kuti isapyole maampu 13. Mukachulukitsa 230 ndi 13 mupeza mawati pafupifupi 3,000. Ndiwo malire a chilichonse chodutsa pa pulagi imodzi, kaya kumapeto kwake kuli mabowo anayi kapena khumi. Ekisitenshoni imangochulukitsa mabowo, njira ya magetsi imakhalabe imodzi yomweyo.

Chithunzi sichionetsa mawati, choncho tembenuzani chipangizo chilichonse muone kachizindikiro ka pansi kapena kumbuyo, pomwe palembedwa nambala yothera ndi W. Ine ndiwerengera ndi nambala zomwe ndimakumana nazo kawirikawiri. Tivi, dikoda, matchaja awiri ndi kafilijiko zonse pamodzi sizifika patali, tinene mawati 300, omwe ndi ampu imodzi ndi pang'ono. Ketulo yokha imalembedwa 2200W, ndipo mukagawa ndi 230 mupeza maampu 9.6. Simbi ya 1200W imakoka maampu 5.2. Ndiye m'mawa uja mukusita yunifolomu madzi a tiyi ali pa ketulo, mawati akwana 3,700, maampu 16, onse kudutsa pa pulagi ya maampu 13. Chilichonse chopanga kutentha, kaya ketulo, simbi, hotipuleti, hita kapena chowumitsira tsitsi, chimadya magetsi kuposa matchaja makumi angapo.

Tsopano tsatirani waya ndi chala pa chithunzipo, monga ndachitira ine. Ketulo ndi simbi zili pa ekisitenshoni yoyera ija. Yoyerayo siyikupita kukhoma, yalowa mu yakuda, ndipo yakudayo yalowa mu adaputala yomwe yalendewera pa soketi. Katundu yense akudutsa pa waya wa yakuda, ndipo wayayo ndikumuona kuti ndi wowonda ngati wa wailesi. Kuti waya anyamule maampu 13 bwinobwino, mkuwa wa mkati mwake umafunika kukhala wa 1.25 kapena 1.5 mm², ndipo nambalayi imadindidwa pa chikopa cha wayayo. Wa 0.75 mm² malire ake ndi maampu 6, osafika ngakhale ketulo yokha. Maekisitenshoni otchipa ambiri ndikawang'amba ndimapeza timawaya tochepa ngati tsitsi, pulasitiki yokha ndiyo yonenepa, pomwe kunja alembapo 13A mopanda manyazi. Komanso kutentha kwa waya sikukwera mofanana ndi magetsi: maampu akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi.

Pamenenso ndaima nthawi yaitali ndi pa adaputalayo. Yapendekeka chifukwa cha kulemera kwa mawaya, moti mano ake akuonekera pang'ono pakati pa iyo ndi soketi. Ndipo m'mbali mwa bowo limodzi la pansi muli kadontho kofiirira ngati pomwe pagwera phulusa la ndudu. Limenelo si dothi, ndi pulasitiki yomwe yayamba kale kupsa. Mano akapanda kugwira molimba, magetsi amadutsa pa kamalo kochepa, pamenepo pamatentha, kachitsulo kogwira dzino kamafooka, kugwirako kumaipiraipira, kutenthanso kumawonjezeka. Zikayamba sizibwerera zokha. Ndinapitapo pa nyumba ina pomwe mayi wa pakhomopo ankadandaula fungo ngati la nsomba yoola m'chipinda chochezera, anasesa paliponse osapeza kanthu. Nditasuntha kabati ndinapeza pulagi itasungunuka n'kumatirira ku soketi, moti ndinachita kuchotsa zonse pamodzi.

Za magetsi osathimazo, musazitenge ngati umboni woti zili bwino. Bureka ya pa bokosi lalikulu yomwe imayang'anira masoketi imakhala ya maampu 20 kapena 32, ndipo ntchito yake ndi kuteteza waya wa m'khoma. Maampu 16 kwa iyo ndi nkhani yaing'ono, siigwa, ngakhale ekisitenshoni yanu ikufewa ngati phula. Chotetezera ekisitenshoni ndi fyuzi ya mkati mwa pulagi yake, koma nayonso fyuzi ya 13A siduka msanga pa maampu 16, imatha kupirira nthawi yaitali ikungotenthetsa pulagi. Ndipo adaputala zambiri za mtundu womwe ndikuona pa chithunzipo zilibe fyuzi n'komwe. Tsegulaninso mapulagiwo mutawazula kukhoma, chifukwa alipo anthu omwe fyuzi ikapsa amakulungapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Pulagi yotero ilibenso chitetezo chilichonse.

Waya wotsala wa ekisitenshoni yoyera mwamukulunga bwino n'kumukankhira kuseri kwa katani, pafupi ndi matiresi. Ndikumvetsa kuti mumafuna chipinda chioneke chaudongo, koma waya wokulunga satulutsa kutentha kwake, ndipo katani ndi matiresi a siponji sizichedwa kugwira moto. Mutambasuleni, adutse poonekera.

Zochita lero ndi izi. Adaputala yopsayo itayeni, ndipo uzani eni nyumba kuti soketiyo isinthidwe, chifukwa mbali yopsa ya mkati mwake idzawononga pulagi iliyonse yatsopano. Ngati angalole, mmisiri aikepo soketi ya mabowo awiri, ataona kaye kukula kwa waya wa m'khoma. Bowo limodzi likhale la ekisitenshoni imodzi yabwino, ya waya wonenepa ndi pulagi ya fyuzi, yonyamula tivi, dikoda, matchaja ndi filiji. Bowo linalo likhale la ketulo kapena simbi, molunjika kukhoma, chimodzi pa nthawi imodzi. Ketulo imawira m'mphindi zinayi kapena zisanu zokha, simbi ingathe kudikira. Kulumikiza ekisitenshoni pa inzake kulekeni.

Mukakonza, yesani ndi dzanja. Ketulo ikangomaliza kuwira, thimitsani swichi ya pakhoma, gwirani msana wa pulagi ndi waya wake. Kufunda pang'ono n'kwachibadwa, koma ngati chala sichikupirira, kapena mukumva kuthetheka kuti tche-tche mkati, pali pomwe pakugwira molobodoka, ndipo musayatsenso mpaka mmisiri aone.

Chinanso chomwe chithunzi sichingandionetse ndi zomwe mumachita magetsi akathima. Simbi ikazima muli pakati posita, n'zosavuta kuisiya pa bulangeti n'kutuluka, pulagi ili momwemo. Magetsi akabwera masana inu muli kuntchito, iyo imayambiranso pomwe inalekera. Akangothima, zulani simbi ndi ketulo musanayambe n'kufufuza komwe kuli tochi.