Uthenga wofufutidwa pa WhatsApp umakhala kuti?

"Ndafufuta mwangozi uthenga wa kasitomala wanga wa usipa ku Senga Bay, momwe ankavomera ngongole ya K85,000. Wokonza mafoni wina pa Kamuzu Road akuti aubweza. Kodi n'zotheka, kapena angondidyera ndalama?"

Achemwali, musanawerenge zambiri, zimitsani deta ndi Wi-Fi pafoniyo. Uthenga uliwonse umene ukulowa, ngakhale moni wa m'magulu a mpingo, ungathe kukhala pamalo pomwe panali wanuwo.

Mauthenga a WhatsApp pa Android amakhala m'fayilo imodzi, `msgstore.db`, ndipo pa iPhone ndi `ChatStorage.sqlite`. Onsewa ndi mafayilo a SQLite, pulogalamu yosunga nkhokwe za deta. Fayilo yotere imagawidwa m'masamba ofanana kukula, kawirikawiri mabayiti 4096 tsamba lililonse, ndipo tsamba limodzi limanyamula mauthenga afupiafupi angapo. Kumayambiriro kwa tsamba kuli kamndandanda kolozera pomwe uthenga uliwonse wayambira.

Tiyerekeze kuti uthenga wanu unatenga mabayiti 120. Mukaufufuta, SQLite imachotsa cholozera chake pamndandanda paja, kenako n'kulemba pa mabayiti 4 oyambirira okha: awiri amanena pomwe pali mpata wina wotsatira, awiri enawo amanena kukula kwa mpatawu. Mabayiti 116 otsalawo sawakhudza. Mawu akuti "ndikupatsani Lachisanu" akadali pomwepo, kungoti pulogalamu sikuwaonanso. Zili ngati mwini golosale wakhwatcha dzina m'buku la ngongole koma tsamba sanang'ambe. SQLite ikadzafuna kulemba china patsamba lomwelo, chokwana mumpatamo, imachiika pomwepo, ndipo apo ndiye zakalezo zapita. Mukafufuta macheza onse ndi munthu, masamba athunthu amatha kutsala opanda ntchito, n'kusungidwa pambali kudikira kudzagwiritsidwanso ntchito. M'chaka cha 2016 katswiri wina, Jonathan Zdziarski, anaonetsa kuti WhatsApp ya pa iPhone inkasiya macheza ofufutidwa mwanjira imeneyi.

Koma musasangalale msanga. SQLite ili ndi lamulo la `secure_delete`, limene likayatsidwa, malo a uthenga wofufutidwa amadzazidwa ndi ziro nthawi yomweyo, ndipo SQLite yobwera ndi Android imakhala italiyatsa kale. Palinso `VACUUM`, imene imamanga fayilo yonse mwatsopano n'kutaya mipata yonse. Choncho pa Android chiyembekezo chenicheni chili m'fayilo ina yoyandikana ndi `msgstore.db`, yotchedwa `msgstore.db-wal`. Tsamba likasintha, SQLite imayamba yalemba tsamba lonse latsopano mmenemu, osati m'fayilo yaikulu. Ndiye kuti tsamba limodzi limatha kupezekamo kangapo: lija la pomwe uthenga unalowa, ndi lija la pomwe unafufutidwa. Masamba akachuluka kufika pa mlingo woikika, amasamutsidwira m'fayilo yaikulu, ndipo kulemba kumayambiranso kumutu, kukwirira zakale. Pafoni yodzaza magulu zimenezi sizichedwa.

Apa m'pamene okonza mafoni ambiri amalakwitsa. Amatsegula `msgstore.db` ndi pulogalamu yoonera nkhokwe, ndipo akamatseka, SQLite imasamutsa zonse n'kufufuta fayilo ya `-wal` ija, umboni n'kupita nayo limodzi. Wodziwa ntchito amakopera mafayilo atatu pamodzi, `msgstore.db`, `msgstore.db-wal` ndi `msgstore.db-shm`, amasunga kope limodzi osalikhudza, n'kuyamba kusaka mawu osatsegula nkhokweyo:

```
strings msgstore.db-wal | grep -i "usipa"
strings msgstore.db | grep -i "85"
```

Zikapezeka, sizibwera zokongola ngati pa sikirini. Mumaona zidutswa, nthawi zina theka la chiganizo, ndipo kudziwa amene anatumiza ndi tsiku lake imakhala ntchito inanso.

Vuto lalikulu ndi lakuti mafayilowa ali mu `/data/data/com.whatsapp/databases/`, momwe munthu salowamo foni isanatsegulidwe maloko ake a mkati. Kutsegula malokowo pamafoni ambiri kumafufuta zonse za m'foni. Ndiye mufunseni mnyamatayo kuti alowamo bwanji. Akangoti "tiifulasha kaye", tengani foni yanu muzipita.

Ine ndikanayamba ndi bakapu. WhatsApp imasunga kope lake pafoni ya Android cha m'ma 2 koloko usiku, mu `Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Databases`, ndipo mafayilo amasiku angapo apitawa amakhala ndi deti m'dzina lake. Ngati uthengawo unagona m'foni usiku umodzi musanaufufute, uli m'kope la tsikulo. Koperani foda yonseyo pa laputopu lero lomwe, chifukwa akale amachotsedwa pamene atsopano akubwera. Makopewa ndi okiyidwa, `strings` sangawawerenge. Amatseguka pobwezeretsa mu WhatsApp ndi nambala yomwe ija, ndipo mauthenga olowa pambuyo pa tsikulo sakhalamo. Komanso ngati munangofufuta kumbali yanu yokha, uthengawo ukadali m'foni ya kasitomalayo.