Mapewa olimba ndi mutu wa nkhawa

"Ndikakhala ndi nkhawa mapewa amalimba, ndimalumanitsa mano, madzulo mutu umapweteka ngati andimanga chingwe. Nditani?"

Achemwali, yesani kulimbitsa minofu mwadala kenako n'kuimasula. Khalani pampando wotsamira, mukweze mapewa kufika kumakutu, muwagwire masekondi 5 mukupuma bwinobwino, kenako muwasiye agwe okha. Dikirani masekondi 20 mukumvetsera kusiyana kwake, mubwereze kawiri. Mukatero pitani pachipumi: kwezani nsidze, masulani.

Pansagwada samalani. Lumanitsani mano pang'ono chabe, ndipo pomasula milomo ikhale yotseka koma mano asagundane. Ngati nsagwada ikupweteka kale, ingomasulani osalimbitsa.

Chimene ndaona ine n'chakuti munthu wankhawa sadziwa kuti walimba, mnofu unazolowera. Kulimbitsa mwadala kumakuphunzitsani kuzindikira msanga, mutu usanayambe. Nchifukwa chake muzichita tsiku lililonse, makamaka musanagone, osati kudikira ululu. Kuzizira kwa kuno ku Mzuzu nakonso kumakwezetsa mapewa, choncho fundani kaye. Mukamva kupweteka kapena kukokana, mwalimbitsa mopitirira.

Mutu ukabwera mwadzidzidzi mwamphamvu, kapena ndi kutentha thupi, khosi kuuma, kusaona bwino kapena dzanzi, pitani kuchipatala msanga. Nkhawa ikamakusowetsani tulo kwa milungu, kaonaneni ndi adokotala.