Hachiman, mzimu wa ku Japan womwe boma linaulanda dzina la Chibuda

Funso: "Akuluakulu, ndimaona pa zithunzi za ku Japan kachisi wa Chishinto ndi wa Chibuda atagundana mipanda. Zipembedzozi n'zosiyana kapena n'chimodzi?"

Achimwene, lero n'ziwiri, koma mpandawo ndi wa dzulodzuloli. Anaumanga ndi boma mu 1868.

Chibuda chinalowa ku Japan m'zaka za m'ma 500 kudzera ku Korea, n'kupeza anthu akupereka nsembe kwa mizimu yawo, yomwe amati kami. Mabanja akuluakulu anayamba alimbana kaye, koma a Soga atagonjetsa a Mononobe mu 587, Chibuda chinakhazikika. Amonke sanathamangitse mizimu ija. Ankamanga kachisi wawo pabwalo la mzimuwo n'kumauwerengera malemba a Buda, ati nawonso ukufuna chipulumutso. Kenaka chiphunzitso chinakula: kami ndi Buda yemweyo, wangovala nkhope ya kwawoko kuti anthu asamuope.

Taonani Hachiman, kami wa ku Usa, tauni ya kummwera kwa Japan. Mu 749, pomwe ankapanga chifanizo chachikulu cha Buda ku Nara, mzimuwu unanyamulidwa ulendo wonsewo kukadalitsa ntchitoyo. Posakhalitsa unapatsidwa dzina laulemu la Chibuda lakuti Daibosatsu, ndipo osema ankausema ngati mmonke wometa mpala. Ku Kamakura, kachisi wake wa Tsurugaoka ankayendetsedwa ndi amonke, ndipo pabwalo panali nsanja ndi belu za Chibuda. Wopempherayo sankadzifunsa kuti lero ndili mbali iti.

Boma la mfumu Meiji, lomwe linayamba mu 1868, linkafuna kuti dziko lonse lizungulire mfumu monga mdzukulu wa Amaterasu, mulungu wa dzuwa, ndiye Buda wobwera uja anali chopinga. Malamulo a 1868 anati amonke otumikira kwa kami avule mikanjo, zifanizo ndi mabelu zichoke, mayina a Chibuda afufutidwe. Hachiman anasiya kukhala Daibosatsu ndi kalata chabe. Mu 1870 nyumba za Chibuda pa Tsurugaoka zinagwetsedwa, zina mwa zifanizo n'kubalalikira kwina.

Lamulolo linati lekanitsani, silinati phwanyani. Koma anthu anali ndi mangawa. Pa zaka zoposa 200 banja lililonse linkakakamizidwa kulembetsa ku kachisi wa Chibuda n'kumalipira za maliro, ndipo ansembe a kami anatopa kukhala pansi pa amonke. M'chigawo cha Satsuma anatseka akachisi onse a Chibuda, oposa 1,000. Ovutika kwambiri, kwa ine, anali opemphera m'mapiri a Shugendo, omwe chipembedzo chawo chinali kusakanizako. Mu 1872 chinaletsedwa, nawo n'kuwakankhira m'magulu a Chibuda.

Pachithunzi chanucho, chipata cha nsanamira ziwiri ndi mitanda pamwamba n'cha kami, ndipo kumeneko amaomba m'manja kawiri. Kwa Buda amangophatikiza manja, nthawi zambiri pali lubani. M'nyumba za anthu lamulo silinafike: mabanja ambiri amatengera khanda kwa kami, maliro n'kuitana mmonke.