Firiji ya azakhali ku Moatize

Azakhali: "Mwana wa achimwene, firiji yanga ija ya zaka 10 yasiya kuzizira bwino, mota ukungolira usana ndi usiku osapuma. Wokonza akuti tisinthe mota ndi kuthira gasi, mametikali 7,000. Yatsopano yofanana nayo ndaiona pa 22,000. Ndikonzetse kapena ndigule ina?"

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa njinga. Ndalamazo musapereke kaye, mundimvere pang'ono.

Mota wakufa sulira choncho ayi. Wakufa umangoti duu, kapena umati "tiki" n'kuzima, pakapita mphindi zingapo "tiki" kachiwiri, ndipo kangapo konse chimene chafa pamenepo ndi kachitsulo koudzutsa kaja timati rele, kotchipa zedi. Wanuwo ukugwira ntchito, koma kuzizira kukuthawira pena pake. Ukhoza kukhala wotopa inde, zimachitika, koma yambani ndi zosafuna ndalama.

Panani pepala pa chitseko, mutseke, mulikoke. Likatuluka mosavuta, labala wa chitsekoyo watha, ndiye mpweya wotentha wa ku Tete kwanuko, uja umadutsa madigiri 40 mu Okutobala, ukulowa tsiku lonse. Yesani mbali zonse, makamaka m'munsi. Kenako muikoke kukhoma, mawaya akuda akumbuyowo muwasese fumbi. Fumbi la malasha la kwanuko ndikulidziwa, limakuta ngati bulangete.

Zimenezo zikakhala bwino, suzumirani moumitsira nyama muja. Ngati chisanu chikugwira pakona imodzi yokha, kwina konse kuli mbee, gasi wachepa. Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Gasi wa firiji satha ngati wophikira, amangozungulira m'mapaipi otseka. Akachepa ndiye kuti pabooka. Amene angothira wina osapeza bowolo wakugulitsani kuzizira kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ndiye wokonzayo mumufunse kuti, pakudontha ndi pati, ndionetseni. Nthawi zambiri pamakhala kamafuta. Pakakhala polumikizira kumbuyo, pafupi ndi mota, amawotcherera basi, mota n'kusiya womwewo. Koma bowo likakhala pa paipi yokwiririka m'kati mwa khoma la firiji, iiih, pamenepo ine sinditayapo ndalama. Ndipo ana aja auzeni asamagobe chisanu ndi mpeni, mafiriji ambiri amafera pamenepo.

Za magetsi tiwerengere limodzi. Mota wa firiji ngati yanuyo umadya mawati pafupifupi 150, onani pa kapepala komata kumbuyo. Ukalira maola 24 osapuma, ndi makilowati 3.6 pa tsiku. Mukhoza kutsimikiza nokha pa mita yanu ya magetsi ya Kredeleki: usiku pogona zimitsani zonse, isale firiji yokha, lembani nambala, m'mawa patatha maola 8 muonenso, kusiyanako muchulukitse katatu. Kungoti masana imadya koposerapo. Mtengo wa kilowati onani pa lisiti lanu, ine ndingoyerekeza mametikali 8. Ndiye panopa ikukudyerani 860 ndi kanthu pa mwezi, madzi ake ofunda.

Ikakonzedwa bwino n'kumapumira, tinene itsikira pa makilowati 2. Yatsopano tinene 1.2. Kusiyana ndi 0.8 pa tsiku, 24 pa mwezi, ndalama zosafika 200, pa chaka 2,300 basi. Pamene kugula yatsopano mukuwonjezera 15,000 pamwamba pa 7,000 ija. Kuti magetsi okha akubwezereni 15,000 imeneyo padutsa zaka 6 ndi miyezi. Ndiye wina asakunamizeni kuti gulani chifukwa yatsopano sidya magetsi, nkhani yaikulu si imeneyo.

Ine chondikayikitsa ndi 7,000 pa firiji yokalamba chonchi. Mota akubweretsawo ndi watsopano kapena wochotsa mu firiji ina yakufa? Afotokoze. Aonenso gasi wolembedwa kumbuyoko, kaya R134a kaya R600a, chifukwa mota wa gasi wina sayenda ndi mnzake, ngakhale mafuta ake ndi osiyana. Ndipo akupatsani miyezi ingati yoti ikavuta abwere ulere? Akayamba kukanda m'mutu, mwadziwa kale.

Ndiye ine ndikuti, ngati ndi labala, rele kapena bowo lakunja, zosapitirira 3,000, konzetsani, ikutumikiranibe. Ngati ndi mota weniweni kapena bowo la m'kati, 7,000 ija ikhale poyambira kusungira yatsopano, yakaleyo mugulitse kwa okonza achotsemo zitsulo.

Mundijambulire kapepala kakumbuyoko ndi chisanu chija, mutumize mugulu momwe muno. Loweruka ndikubwera ku Tete kudzagula katundu, nditsikira kwanuko ndi mita yanga yoyezera. Mupereke moni kwa atsibweni.