Zotsalira za khofi zilowe pa mulu wa kompositi, osati pa nazale

"Alangizi, ndinamva kuti zotsalira za khofi wofulidwa kale ndi manyowa, ndiye ndinathira zambiri pa nazale ya tomato. Mbande zamera patalipatali, zikuchita chikasu, ndipo madzi sakulowa. Ndalakwitsa pati?"

Bambo, amene anakuuzaniwo sananame, koma anakupatsani theka la nkhani. Pitani pa bedipo mukakande ndi chala. Mupeza pamwamba pagwirana n'kuuma gwa, pamene pansi pake dothi lili louma ngakhale mwathirira m'mawa womwewo. Khofi wopera ndi wosalala kwambiri, ndiye akaunjikana n'kuuma amatseka nthaka, madzi n'kumangoyenderera. Komanso khofi akafulidwa mumatsalabe kafeini ndi zinthu zina zimene zimalepheretsa mbewu kumera bwino ndi kupinimbiritsa mizu yanthete. Mbande ndizo zimavutika kwambiri.

Lero lomwe palani zonsezo ndi manja, mutakasule dothi pang'onopang'ono osadula mizu, kenaka muthirire mokwanira. Pamene sipanamere, fesaninso pa dothi lopanda khofi.

Mu zotsalira za khofi chakudya cha mbewu chilimo ndithu, koma n'chochepa. Mu kilogalamu imodzi ya zotsalira zouma muli nayitrojeni pafupifupi magalamu 20, pamene mu yureya wolemera chimodzimodzi muli magalamu 460. Ndiye kuti pafunika makilogalamu 23 kuti mufanane ndi kilogalamu imodzi ya yureya. Ndipo nayitrojeni ameneyu mbewu sizimupeza mpaka tizilombo ta m'nthaka titawoletsa zotsalirazo. N'chifukwa chake ine ndimalimbikira kuti malo ake ndi pa mulu wa kompositi.

Muyezo wake ndi uwu: pa ndowa zisanu zilizonse zolowa pa mulu, ya khofi ikhale imodzi yokha, osapitirira. Mwachitsanzo, ndowa zitatu za masamba ouma kapena udzu wouma, imodzi ya udzu wauwisi kapena ndowe, ndi imodzi ya khofi. Mwazani khofiyo ndi kusakaniza bwino, chifukwa mukangokhuthulira pamodzi amapanga chibuma chonyowa chimene mpweya sulowamo. Mukafinya m'manja, zimveke chinyontho koma madzi asachuche. Tembenuzani pakatha masabata awiri aliwonse. Mulu ukayamba kununkha, dziwani kuti wanyowetsa kapena khofi wachuluka, choncho onjezerani zouma n'kutembenuza. Pakatha miyezi pafupifupi itatu, manyowa akada n'kumanunkhira ngati dothi, khofi osaonekanso, ndiye kuti apsa. Nkhungu yoyera ikamera pa zotsalira musazitaye, ndi chizindikiro chakuti zayamba kuwola.

Ngati mulibe mulu, mwazani mopyapyala, osaposa sentimita imodzi, pa mbewu zokula kale, motalikirana ndi tsinde, n'kuphimba ndi udzu. Zimene zasakanikirana ndi mkaka kapena shuga musathire m'dimba, zimaitana nyerere ndi ntchentche. Ngati muli ndi galu, tchingani muluwo kuti asafukule, poti kafeini ndi poizoni kwa agalu.