Akalemba kuti "you might want to", akukuuzani kuti mukonze

"Ndimagwira ntchito ku bungwe lina kuno ku Nsanje. Abwana a ku ofesi yathu ya ku England andilembera kuti: 'You might want to have another look at the figures when you get a chance.' Kodi ndikonze lipoti, kapena zili kwa ine?"

Achimwene, lipotilo likonzeni, ndipo musadikire sabata yamawa. Mawu a abwana anuwo akuoneka ngati akukupatsani ufulu wosankha, koma Angelezi ambiri salamula poyera pa ntchito, makamaka akamalembera munthu amene amamulemekeza. Akatero ndiye kuti aona cholakwika pa manambala, ndipo akufuna kuti muchipeze nokha kuti musachite manyazi. Ifenso timatero: mkulu akakuuzani kuti "mukapeza mpata mudzandipeze kunyumba", palibe amene amadikira kuti mpatawo upezeke wokha.

Zinandichitikira mu 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa, pamene tinkalemba mabanja amene anali m'misasa ya cha ku Bangula. Nditatumiza lipoti, abwana anga anandiyankha ndi mawu ofanana ndi amene mwalandirawo, ine n'kuganiza kuti ndi maganizo chabe, popeza tinali otanganidwa ndi kugawa ufa. Patatha masiku atatu kunabwera uthenga wina woyamba ndi "Just following up", ndipo m'munsi mwa dzina langa, pa `Cc`, pomwe amalembapo ena olandira uthengawo, anali atawonjezerapo mkulu wa zachuma. Apo m'pamene ndinatsegulanso lipoti lija, n'kupeza kuti tsamba lina ndinalemba chiwerengero cha mabanja pomwe pankafunika chiwerengero cha anthu. Ndalama zogulira chakudya zinkadikira tsamba limenelo, ndipo masiku atatu amenewo amandiwawabe mpaka lero.

Kuchokera pamenepo ndimayang'ana kaye amene walemba. Mawu omwewo akachokera kwa mnzanu wofanana naye udindo angakhale malangizo enieni oti mutha kuwakana, koma akachokera kwa amene amavomereza lipoti lanu, amenewo ndi ntchito imene mwapatsidwa. Uthengawo ukabwerezedwa, kapena pakawonjezeka dzina la munthu wina wamkulu, dziwani kuti mwachedwa kale, ngakhale mawu ake akhale ofewa chotani.

Vuto la kalembedwe kameneka ndi lakuti sikatchula pamene palakwika, choncho musangoyankha kuti mwamva. Alembereni mwachidule m'Chingelezi chosavuta, muwauze kuti muunikanso manambalawo, muwafunse ngati akunena za tsamba lakutilakuti, ndipo mutchule tsiku ndi ola limene mutumize. Kufunsa kotere kwa iwo si mwano, chifukwa kumawapatsa mpata wonena poyera zimene anazungulira. Potchula olalo nenani kuti ndi nthawi ya ku Malawi, pakuti ife tili patsogolo pa England ndi maola awiri, kupatula kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala pamene kusiyanako kumakhala ola limodzi.