Musamuchepetsere chiponde mwana wa makilogalamu 7.2

"Mwana wa mng'ono wanga ali ndi chaka ndi miyezi iwiri, akulemera makilogalamu 7.2. Kuchipatala amupatsa chiponde mapaketi 21 a sabata imodzi. Papaketi alemba 500 kcal ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 13. Ine ndinawerenga kuti mwana wa msinkhu umenewu amafuna makalori 900 ndi mapuloteni magalamu 13 basi pa tsiku. Atatu pa tsiku sachuluka? Tikuganiza zomamupatsa awiri, yachitatuyo azidya mkulu wake."

Achemwali, chonde musatero. Manambala mwawerengawo si abodza, koma ndi a mwana wathanzi amene akungokula mwa nthawi zonse. Wanuyo thupi lake linadya mafuta ndi minofu yake yomwe, ndipo pano akuyenera kubweza zonsezo kwinaku akukulanso. Mwana wotere sitimuwerengera potengera zaka ayi, timawerengera pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake.

Kwa zaka zambiri muyeso wakhala makalori 150 mpaka 220 pa kilogalamu pa tsiku, ndi zomanga thupi magalamu 4 mpaka 6 pa kilogalamu, mwana akayamba kudya bwino. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2023 anaufupikitsa, akuti chiponde chizipereka makalori 150 mpaka 185 pa kilogalamu. Tengani 7.2 wanuyo. Kuchulukitsa ndi 150 mupeza 1,080. Kuchulukitsa ndi 185 mupeza 1,332, ndipo ndi 220 mupeza 1,584. Paketi imodzi ya magalamu 92 ili ndi makalori 500. Ndiye mapaketi atatu ndi 1,500, kutanthauza makalori 208 pa kilogalamu, chakumtunda koma m'kati mwa muyeso wakalewo. Awiri ndi theka ndi 1,250, makalori 174 pa kilogalamu. Awiri amene mukuganizawo ndi 1,000, ndipo mukagawa ndi 7.2 mupeza 139. Mwatsika kale pansi pa 150, ndipo apo tikuyesa kuti mwana wanyambita zonse, palibe chotsalira m'makona a paketi, chopaka m'masaya kapena chogwera pa chitenje. Kunyumba zimenezo sizichitika.

150 ameneyu sanangomutola. Mwana wonyentchera amafuna pafupifupi makalori 100 pa kilogalamu kuti angokhala pamene alipo, osatsika osakwera. Galamu iliyonse ya thupi latsopano imafunanso makalori pafupifupi 5. Kuti aziwonjezera magalamu 10 pa kilogalamu pa tsiku, pakufunika makalori 50 ena pamwamba pa 100 aja. Ndiye mukachotsa paketi imodzi, simwachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchira kwake ayi. Makalori 720 oyambirira amapita kongomusunga ndi moyo. Pa mapaketi atatu otsala omangira thupi ndi 780, pa awiri ndi 280 okha. Akangotsegula m'mimba kapena kutentha thupi, ochepawo amathera pomwepo.

Zomanga thupi nazo chimodzimodzi. Chiponde cha kuchipatala amachipanga kuti magawo 10 mpaka 12 pa 100 alionse a mphamvu yake azichokera ku mapuloteni. Galamu imodzi ya mapuloteni imapereka makalori 4, ndiye mu paketi ya makalori 500 muyenera kukhala magalamu 12.5 mpaka 15. Magalamu 13 mwaonawo ali bwino. Mwana wanu akufuna 4 kuchulukitsa ndi 7.2, pafupifupi magalamu 29, mpaka 6 kuchulukitsa ndi 7.2, magalamu 43. Mapaketi atatu akumupatsa 39, ndiye kuti magalamu 5.4 pa kilogalamu. Awiri akumupatsa 26, magalamu 3.6 pa kilogalamu, aperewera. Ndipo mphamvu ikachepa thupi silisunga mapuloteniwo kuti limangire minofu, limawatentha kuti lipeze mphamvu, ndiye mwaluza kawiri.

Powerenga paketi samalani zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu ngakhale ophunzira. Mapaketi ambiri amalemba manambala a magalamu 100 ndi a paketi yonse ya magalamu 92 moyandikana. Pa magalamu 100 mupeza makalori a pakati pa 520 ndi 550, koma mwana sakudya magalamu 100, ndiye tengani a paketi. Pamakhalanso nambala yaikulu ya pafupifupi 2,100 yolembedwa kJ. Imeneyo ndi mphamvu yomweyo ya 500 kcal pa muyeso wina, wina asakuuzeni kuti paketi imodzi yakwanira munthu wamkulu tsiku lonse. Onetsetsaninso kuti papaketi palembedwa RUTF. Pali ina yofanana nayo yolembedwa RUSF, ya ana onyentchera pang'ono, yongowonjezera pa chakudya cha pakhomo, ndi timapaketi ta magalamu 20 toteteza ana amene sanadwale. Zimenezo sizilowa m'malo mwa chiponde cha mwana wanuyo.

Chimene chimandiwawa pa nkhani yochepetsa mapaketiyi n'chakuti sichionekera msanga. Sabata yoyamba mwana amadya, amaseka, aliyense n'kumati mwaona, awiri akukwana. Pa sikelo 7.2 yemweyo. Sabata yachiwiri 7.2, mwina 7.1, amayi n'kunena kuti ndi mano akumera. Mpata wa paketi ija amautseka ndi phala la mgaiwa lamadzimadzi, pomwe kamimba ka mwana wotere kamadzaza ndi kapu imodzi, ndipo kapu ya phala loterolo kawirikawiri siifika n'komwe makalori 150. Wakhuta koma sanadye. Kenako kutsegula m'mimba kumabwera, chifukwa matumbo ndi chitetezo cha thupi zinali zisanachire. Amayamba kukana chiponde chimene ankachilirira. Ndiye tsiku lina sikelo imakwera mwadzidzidzi, 7.6, masaya adzaza, mapazi anenepa, pakhomo n'kusangalala kuti wayamba kunenepa. Si kunenepa kumeneko, ndi madzi. Dinikizani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka katatu pang'onopang'ono, muchotse. Pakatsala kadzenje mbali zonse ziwiri, watupikana. Khungu limayamba kusupuka m'ntchafu ndi m'matako, mwana salira mokweza, amangodandaula chapansipansi, manja ndi mapazi zimazizira, m'mawa amavuta kudzutsa chifukwa shuga watsika m'magazi. Pamenepo chiponde sichithandizanso, ndipo kumukakamiza mazira, usipa kapena mkaka wa ufa kuti abweze msanga kungathe kumupha, chifukwa chiwindi, impso ndi mtima zafooka. Amayenera kugonekedwa ku wodi ya ana onyentchera, kumene amayamba ndi mkaka wa F-75 wokhala ndi makalori 75 ndi mapuloteni magalamu 0.9 okha pa mamililita 100, pang'onopang'ono usana ndi usiku. Masabata onse aja apita pachabe, ndipo si ana onse amabwerako.

Inu sindikukudzudzulani, mwafunsa musanachite. Amene amandikwiyitsa ndi akuluakulu a ndevu zawo amene amang'amba paketi ya mwana wodwala n'kupaka pa buledi kapena pa chinangwa, ati n'chokoma. Ndi mavenda amene amachiyala pamsika pambali pa maswiti ngakhale kuti sichogulitsa, ndi amene amagula akudziwa bwinobwino kuti paketi imeneyo yachoka pakamwa pa mwana. Ndiponso ena mwa ife ogawa, amene timangoponya mapaketi 21 m'jumbo n'kuitana wotsatira, osamuuza mayi kuti awa ndi mankhwala, ndi angati pa tsiku, komanso chifukwa chake. Choipitsitsa ndi kukopera nambala ya sabata yatha osayang'ana sikelo. Mwana akamakwera, mapaketi ake amayenera kuwerengedwanso. Atatu omwewo kwa mwana amene wafika makilogalamu 9 ndi makalori 167 pa kilogalamu, si 208 ujanso.

Wina anena kuti mugule chiponde cha m'sitolo kapena musinje mtedza, popeza chili ndi mapuloteni ambiri kuposa cha kuchipatala. N'zoona, mtedza uli ndi magalamu pafupifupi 25 pa 100 alionse. Koma cha kuchipatala pafupifupi theka la mapuloteni ake limachokera ku mkaka, ndipo anathiramo potaziyamu, magineziyamu, zinki, ayironi ndi mavitamini pa muyeso wa mwana wonyentchera. Popanda michere imeneyi thupi silimanga minofu ngakhale mapuloteni achuluke bwanji. Mtedza wosasankha bwino umakhalanso ndi chuku chimene chimawononga chiwindi.

Kuti mudziwe ngati mapaketi akulowadi m'thupi, yang'anani buku lake la kuchipatala. Mwana wochirira kunyumba tikufuna aziwonjezera magalamu 5 kapena kuposerapo pa kilogalamu pa tsiku. Kwa wanuyo ndi magalamu 36 pa tsiku, pafupifupi 250 pa sabata, ndiye ulendo wotsatira sikelo iyandikire 7.45. Ikaima masabata awiri otsatizana, musadikire sabata yachitatu, auzeni a zaumoyo afufuze ngati chiponde chikugawanidwa, kapena pali malungo, chifuwa chachikulu, HIV kapena zilonda m'kamwa. Ngati anayamba ali wotupa, sikelo imayamba yatsika madzi akamachoka, zimenezo zisakuopseni. Amatuluka m'pulogalamu lamba wa pamkono akafika masentimita 12.5 ndipo papita masabata awiri osatupa. Malangizo a 2023 aja amalola kuchepetsa mpaka makalori 100 mpaka 130 pa kilogalamu mwana akachoka pa kunyentchera kwambiri ndipo sakutupa, koma amachepetsa ndi amene amuyeza, osati ife pakhomo.

Nditanena zonsezi, musakhale ndi cholembera pambali pa mwana, ndipo musamutsekere pakamwa ndi chiponde kuti atatu akwane. Masiku oyamba ena amatha awiri ndi theka basi, ndipo mwaona kuti 174 ili bwino. Ayambe wayamwa ngati akuyamwabe, kenako chiponde pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, m'manja mosamba, madzi abwino akumwa ali pafupi chifukwa chimaumitsa kukhosi. Osachisungunula m'madzi, chikanyowa tizilombo timaswana. Nsima ndi phala zibwere pambuyo, akatha gawo lake. Mapaketi opanda kanthu muziwasunga m'jumbo, mukawerenge Lamlungu madzulo, muwatenge popita ku sikelo. Akakana kudya tsiku lonse, akamasanza chilichonse kapena mapazi akatupa, nyamukani tsiku lomwelo.

Mkulu wakeyo akanyambita kachidutswa musamukwapule, nayenso ndi mwana ndipo njala ndi ya nyumba yonse. Muphikireni phala lolimba lothira nsinjiro adye nthawi imene mng'ono wake akudya chiponde. Ndipo tsiku la sikelo mupite naye limodzi akamuyeze mkono, chifukwa pakhomo pamene mwana mmodzi wafika pofiira pa lamba wa pamkono, mnzake akhoza kukhala ali pachikasu.